Mauthenga a amalume akumafika oduka: ndiwauze bwanji kuti tisinthe njira?

"Ndimagulitsa nshawa ku Kapata muno mu Chipata, ndipo amene amandigulira kumudzi ndi amalume anga ku Chadiza. Mwezi uno mameseji awo atatu afika oduka. Womaliza unati: 'Mphwanga, nshawa zauma, matumba 14. Galimoto ibwere Lachisanu koma' basi n'kuthera pomwepo. Ndikawapempha kuti atumizenso, umabweranso woduka. Kodi ndi mwano kuwauza kuti asiye kulemba, tizingolankhulana?"

Si mwano ayi, koma galimoto ija musaitumize kaye. Zonse zofunika zili kuseri kwa "koma" ameneyo: mwina mlatho waduka, mwina mtengo wasintha, mwina akuti ndalama musapatsire dalaivala. Uthenga woduka umene muli tsiku, ndalama kapena chiwerengero cha katundu muziutenga ngati sunafike n'komwe.

Ndawerenga zilembo za uthenga mwanditumizirawu, kuphatikizapo mipata ndi zizindikiro. Kuyambira pa "Mphwanga" mpaka pa mpata wotsatira "koma" zikukwana 67, ndipo nambala imeneyi ikuloza kumene kuli vuto. SMS imodzi imanyamula zilembo 160 ngati zonse zili zilembo wamba. Uthenga ukapitirira pamenepo, foni imaudula m'zigawo za zilembo 153, chigawo chilichonse n'kuyenda pachokha, ndipo foni ya wolandira ndiyo imazilumikiza. Koma mukangolowa chilembo chimodzi chosakhala m'gulu la zilembo wamba, malire aja amatsika kufika pa 70, ndipo zigawo zake zimakhala za zilembo 67. Ife olemba Chichewa izi zimatigwera kawirikawiri osadziwa. Kankhope komwetulira kamachita zimenezi, chilembo cha ŵ chimachitanso, ngakhalenso kachizindikiro kopindika kamene mafoni ena amaika okha m'mawu ngati "ng'ombe" m'malo mwa kowongoka.

Ndiye tiyerekeze kuti amalume analemba zilembo 200. Zikanakhala zilembo wamba zokha, zikanapita m'zigawo ziwiri. Ndi ŵ mmodzi penapake, zigawo zimakhala zitatu, ndipo chilichonse amachilipira ngati meseji yakeyake. Ngati tokutaimu inali yokwanira meseji imodzi, kapena netiweki inathawa chigawo choyamba chitangochoka, inu mumalandira mutu wokha. Mafoni ena amadikira zigawo zonse osaonetsa kanthu, ena amaonetsa chimene chafika, ena amaika mawu akuti "some text missing" pamene pasowapo. Kwawoko amalume akatsegula foni amaona uthenga wawo wonse uli bwinobwino, n'chifukwa chake sangamvetse chimene mukudandaula.

Apa mwaona chifukwa chake mawu akuti "tumizaninso" sakuthandiza. Iwo amangotumiza uthenga womwe uja, wautali momwemo, ali pamalo omwewo, ndipo umaduka pomwe unadukira poyamba, ndalama zawo zitapitanso. Pobweza, atchulireni mawu omaliza amene mwawaona: "Amalume, uthenga wathera pa 'Lachisanu koma'. Ndilembereni zotsalazo zokha." Akatero alemba zochepa, ndipo zochepazo mwina zikwana mu SMS imodzi.

Bwererani ku mameseji awiri oyamba aja muwawerengenso. Ngati onse akuthera cha pa 67 kapena 153, vuto ndi la zigawo, monga ndafotokozera. Ngati akudukira paliponse, wina pa mawu anayi, wina pakati pa liwu, kenaka zotsala n'kubwera patapita mphindi zingapo, ndiye kuti ndi chala chimene chikukhudza potumizira asanamalize. Zimenezi zimachitika kwambiri kwa achikulire amene maso ayamba kuvuta, kapena amene angopatsidwa kumene foni yopanda mabatani. Pamenepo kufupikitsa uthenga sikungathandize kwenikweni, chifukwa chowavuta ndi kulemba kumene. Onaninso foni yanu: ngati mameseji a anthu ena nawonso akufika operewera, ndipo foniyo ndi yaing'ono ya mabatani, mwina malo osungira mauthenga adzadza, fufutani akale musanaloze chala ku Chadiza.

Tsono za nthawi yosinthira njira. Maganizo anga ndi akuti kuduka koyamba mupemphe zotsala, kwachiwiri mupemphe kuti azilemba mwachidule, nkhani imodzi meseji imodzi. Zikadukanso kachitatu, monga zachitikira kwa inu, kulemberana kwakanika ndipo kupitiriza n'kungowadyera ndalama. Koma pali nkhani zimene sizidikira kachitatu: matenda, maliro, ndalama ndi tsiku la ulendo. Zimenezi imbani nthawi yomweyo uthenga woyamba ukangoduka. Makamaka uthenga woduka wonena kuti mutumize ndalama pa nambala ina, musatumize ngakhale ngwee musanamve mawu a mwini wake, chifukwa akuba nawonso amalemba mwa dala mauthenga osamveka bwino kuti munthu achite zinthu mothamanga.

Chimene chingamveke ngati mwano ndi kuwauza amalume kuti "muziimba". Mukatero mwawasenzetsa mtolo, pamene kuperewera kwa tokutaimu mwina ndiko kwayambitsa zonsezi. Imbani ndinu. Malonda ndi anu, ndipo mtengo wa mphindi zitatu sungafanane ndi wa galimoto yopita ku Chadiza n'kubwerako yopanda kanthu. Mukawapeza, mutatha kufunsa za kunyumba, mlandu muuike pa netiweki, pakuti mwina zoona zake n'zomwezo: "Amalume, mauthenga anu akumafika theka, netiweki ikuwadula panjira. Mukakhala ndi nkhani muzingondiliza kamodzi n'kudula, ine ndiziimba." Palibe wamkulu amene angakhumudwe ndi mawu otere. Afunseninso nthawi imene foni yawo imakhala ndi moto ndiponso malo amene netiweki imagwira, kaya ndi pachulu kuseri kwa nyumba kaya ndi kumsika, kuti mugwirizane nthawi yoimbirana, monga madzulo akaweruka kumunda.

Kulankhula pafoni nako kuli ndi vuto lake: sikusiya umboni, ndipo netiweki ikamadukaduka 14 ndi 40 zimamveka zofanana tikamazitchula m'Chingerezi monga tinazolowera. Choncho SMS musaitaye, ingoisinthirani ntchito. Mukamaliza kulankhula, lembani ndinu chidule chosafika zilembo 70, kuti chipite chathunthu zivute zitani. Tiyerekeze kuti "koma" uja amanena za msewu. Mungalembe kuti: "Amalume, matumba 14, Lachisanu, msewu wa kusukulu. Ndamva bwino?" Iwo angoyankha "inde", inu n'kukauza dalaivala.

Anzanu ena akuuzani kuti muwalowetse pa WhatsApp. Ndi zoona kuti kumeneko uthenga wolemba sufika theka: umafika wonse kapena umadikira netiweki, ndipo wautali kwambiri umangobisika pansi pa "Read more". Koma njira imeneyi muitchule pokhapokha ngati amalume ali kale ndi foni yake, amatha kugula bandulo, ndipo kwawoko intaneti imagwira. Apo ayi mwawapatsa vuto lalikulu kuposa loyamba. Ngati zonsezi zilipo, uthenga wa mawu ungawapepukire kuposa kulemba, ngakhale nawonso umaduka chala chikachoka pa kachizindikiro kojambulira mawu. Tsiku limene mudzakumane, aonetseni kukankhira kachizindikiroko m'mwamba kuti kakhome, azilankhula osagwirizira, kenaka n'kutumiza akamaliza. Ngati pakhomopo pali mdzukulu wa kusekondale, muonetseni nayenso, ndipo mutenge nambala yake kuti pakhale pena poimbira foni ya amalume ikazima.