Fayilo ikamangokanika pa Steam

"Achimwene, ndikadina Verify integrity of game files pa Steam, ikumandiuza kuti 1 file failed to validate and will be reacquired. Ndikabwereza, uthenga ndi womwewo, bandulo ikungotha. Kodi ndifufute gemu yonse?"

Musafufute, achimwene, ndipo batani limenelo lisiyeni lipume kaye. Ntchito yake ndi yochepa: Steam, pulogalamu yogulira ndi kutsitsira magemu pa kompyuta, imawerenga mafayilo a gemu omwe ali pa disiki yanu, kuwafananiza ndi mndandanda wa eni gemuyo, kenako n'kutsitsanso chilichonse chosiyana. Sifunsa kuti wasintha fayiloyo ndani. Nthawi zambiri wosinthayo amakhala gemu yomweyo, polemba makonda anu a mabatani kapena a chithunzi. A Steam eniake amanena kuti fayilo imodzi kapena zingapo zotere zikakanika si vuto. Ngati gemu ikuseweredwa bwinobwino, sewerani basi.

Funso lanuli landikumbutsa kompyuta yanga yakale, yomwe ndinachita kulumikiza ndekha ndi zida zakaunjika. Gemu inkangodzitsekera pakati pa mpikisano. Anzanga onse ankati ndiitsitsenso, ena ankati ndi intaneti, wina mpaka anati ndi fumbi (fumbilo linalimodi, koma mlandu sunali wake). Chinandidabwitsa n'chakuti ndikayeza pa Steam, chiwerengero cha mafayilo okanika chinkasinthasintha, lero mafayilo awiri, mawa asanu. Nditayesa RAM ndi MemTest86, mizere yofiira inadzaza sikirini. Kandodo kamodzi ka RAM kanali kowonongeka, moti deta inkavunda podutsa m'menemo, ngakhale fayilo yabwinobwino inkaoneka ngati yolakwika. Nditakazula, zonse zinatha. Kuyambira pamenepo, malangizo akuti "ingotsitsaninso" amandinyansa. Ndi ulesi weniweni, ndipo amene amawapereka sagula nawo bandulo. Kutsitsanso gemu pa makina odwala kuli ngati kutunga madzi ndi chidebe chobooka.

Ndiye muchite chiyani?

Choyamba dziwani ngati ndi fayilo yomweyo kapena zikusinthana. Mukangomaliza kuyeza, tsegulani `content_log.txt` m'foda ya `logs` momwe munaikamo Steam, muwerenge mizere yakumapeto, muyezenso, mufananize.

Ikakhala yomweyo ndipo gemu sikutseguka, pali china chomwe chikuigwira dala. Mu Windows Security, tsegulani Protection history muone ngati antivayirasi ikuilanda ikangofika. Ngati ndi choncho, ndipo gemuyo munaigula pa Steam pomwepo, ikani foda yake pa Exclusions. Ngati munaikamo mamodi, zowonjezera zosintha gemu zomwe amapanga osewera, achotseni, chifukwa modi yolemba pamwamba pa fayilo ya gemu imakanika nthawi zonse. Zikapitirira, fufutani fayilo yokhayo, mudine Clear Download Cache pa Settings, Downloads, muyezenso kamodzi.

Zikamasinthana, kayikirani makina. Zimitsani XMP, makonda othamangitsa RAM, mu BIOS, musiye MemTest86 igwire ntchito usiku wonse, ndipo disiki muione ndi CrystalDiskInfo. Ikalemba Caution, koperani kaye zithunzi ndi makalata anu kwina, za gemu zibwere pambuyo.