Madulo musawaike m'chiwerengero

"Akuluakulu, ndili ndi zotsatira za ligi za chaka chathunthu. Ndingayese bwanji ndi masamu osavuta ngati kusewera pakhomo kumathandizadi?"

Achimwene, chenjerani ndi madulo, masewero olepherana aja, ine anandilizapo amenewa. Chaka chomaliza kukoleji ndinagwiritsa ntchito ligi yaikulu ya ku Mangalande ya 2018/19. Pa masewero 380, apakhomo anapambana 181, oyenda 128, ndipo 71 analepherana. Ndili kutsogolo kufotokoza, mphunzitsi wina anandidula pakamwa, n'kutenga foni yake, kugawa 181 ndi 380, n'kulengeza kuti ndi 47.6 peresenti, sizikufika ndi theka lomwe, ndiye palibe phindu la pakhomo. Kalasi yonse phwete! Ine pakhosi gwa, pepala likunjenjemera m'manja. Ndinayesa kunena kuti oyenda nawonso ali pa 33.7 peresenti yokha, iwo akuti khala pansi. Malikisi anandidula, ndipo mpaka lero zimandiwawa, chifukwa olakwa anali iwowo.

Theka limagwira ntchito ngati zotsatira zili ziwiri zokha. Mpira uli ndi zitatu, ndiye chotsani madulo, mutsale ndi masewero amene wina anapambana. Apa atsala 309. Pakanakhala kuti bwalo lilibe kanthu, apakhomo akanatenga pafupifupi theka la amenewa, koma anatenga 58.6 peresenti. Kuti mudziwe ngati si mwayi chabe, werengani chonchi, H akhale masewero opambana apakhomo, A opambana oyenda, ndipo sqrt ndi nambala yomwe mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka H + A:

```
z = (H - A) / sqrt(H + A)
z = 53 / 17.58 = 3.0
```

Nambala ya z ikapitirira 1.96, kusiyanako n'kovuta kukunena kuti kwangochitika mwangozi. Apa yafika 3.0, nkhani yatha. Yesaninso ligi yomweyo ya 2020/21, nthawi ya kolona masewero ambiri akuchitika m'mabwalo opanda anthu: pakhomo 144, koyenda 153, ndipo z ikutuluka -0.5, phindu lija osaonekanso. Komabe masamuwa sakuuzani kuti chachititsa ndi ochemerera, oyimbira kapena kutopa ndi ulendo, amangonena ngati kusiyana kulipo.

Ngati ligi yanu ndi yathu ino ya matimu 16, masewero ndi 240 okha, mukachotsa madulo atsala ochepa, choncho chaka chimodzi chikhoza kubisa phindu lomwe lilipodi. Phatikizani zaka zitatu kapena zinayi. Onetsetsaninso mabwalo: Bullets ndi Wanderers zikakumana pa Kamuzu, wapakhomo ndi wa papepala chabe, masewero otero achotseni. Ndipo musayese ligi ili pakati, dikirani timu iliyonse ikumane ndi inzake kwawo ndi koyenda.

Koma ngati ndi za sukulu, pitani kaye mukafunse okuyang'anirani kuti madulo akufuna muwatani. Akakakamira zogawa ndi masewero onse, alembereni momwe akufuniramo, yolondolayo muike pambali pake. Musalimbane nawo pagulu, cholembera chili m'manja mwawo.