Simenti ndi yomweyo, miyala ndiyo yasiyana

"Achimwene, ndikufuna kuyamba kuoda simenti ku Chipata ngati inu. Koma ndimamva makasitomala amabwerera n'kumati simenti yanu ndi yofooka. Zimakhala bwanji?"

Mng'ono wanga, pa boda ya Mwami timaolotsa simenti yokha. Miyala ndi yolemera, ndalama ya thiraki ingadye phindu lonse, ndiye kasitomala amaigula kufupi ndi pomwe akumanga. Konkire ikavuta, mlandu umagwera thumba lako. N'chifukwa chake ine ndisanalandire ndalama ndimafunsa kuti, "Bambo, muthira kwale kapena nsangalabwi za kumtsinje?"

Kwale ndi mwala woswedwa, wamakonamakona, wokhakhala. Simenti imaugwira bwino ndipo miyalayo imakolana yokha. Vuto lake ndi lakuti pokanda konkire imalimba pa fosholo, anyamata aganyu atopa, amangothiramo madzi. Madzi owonjezawo ndiwo amapha konkire, chifukwa akauma amasiya timabowo mkati. Nsangalabwi ndi zobulungira, zosalala, zimayenda mosavuta ndi madzi ochepa, koma simenti siizigwira kwambiri, makamaka zikabwera ndi matope. Zitsukidwe kaye. Ukaswa konkire yake n'kuona mwala wachoka wathunthu, wasiya dzenje losalala, dziwa kuti sunagwirane ndi simenti.

Yesa wekha ndi ndowa ya malita 20. Dzaza kwale wa saizi imodzi, uthire madzi mpaka m'kamwa: amalowa malita pafupifupi 9. Ukayesa nsangalabwi amalowa cha m'ma 7. Mpata umenewo ndi umene mchenga ndi simenti ziyenera kudzaza. Ndiye muyeso umodzimodzi wa 1:2:4 wa simenti, mchenga ndi miyala umaoneka wonona ndi nsangalabwi, koma wouma ndi kwale. Mankhwala ake si madzi ayi. Sakaniza miyala ya mamilimita 20 ndi yaing'ono ya 10, kuti yaing'onoyo ikhale m'mipata ya yaikulu, kapena chepetsa miyala pang'ono. Madzi asapitirire kwenikweni malita 25 pa thumba la makilogalamu 50, ndipo mchenga ukakhala wonyowa, achepe.

Kukula kwa mwala nakonso. Kasitomala wina anandiimbira atakalipa kuti lintala yake yatuluka mabowo ngati chulu cha chiswe. Nditapita ndinapeza anagula miyala yoswa pamanja m'mbali mwa msewu, yambiri ya mamilimita 40, pomwe mpata pakati pa zitsulo unali 30 basi. Miyala inakakamira pamwamba pa zitsulo, pansi panangotsikira phala lochepa. Mwala usapose magawo atatu mwa anayi a mpata wa zitsulo, ndiye pamenepo pankafunika wa 20. Pa silabu, mwala usapose gawo limodzi mwa atatu a kuchindikala kwake.

Oswa pamanja sindiwanyoza, mwala wawo ndi wolimba ndithu, kungoti sasefa. Pa maziko opanda zitsulo umagwira ntchito bwinobwino. Bamboyo anagumula lintala ija, nagulanso matumba awiri kwa ine ndemwe.