PDF ikamatseguka yaikulu kapena yaing'ono mosayenera

"Abale ndithandizeni. Ndikatsegula PDF mu Adobe Acrobat Reader pa laputopu, ina imabwera zilembo zili ting'onoting'ono, ina imakula moti ndimangoona mutu wa tsamba. Ndasinthapo Zoom koma mawa lake zimabwereranso. Kodi Fit Width ndi Fit Page zimasiyana pati?"

Achimwene, laputopu yanu ilibe vuto. Nkhani yagona pa kusiyana kwa maonekedwe a pepala ndi a sikirini. Pepala la A4 ndi loimirira, mulifupi mamilimita 210, mulitali 297, pomwe sikirini ya laputopu ndi yogona chammbali. Ziwirizi sizingagwirizane mbali zonse nthawi imodzi, choncho pulogalamu imayenera kusankha mbali yoti itsatire.

Fit Page imatsatira kutalika, kuti tsamba lonse lioneke kuyambira pamwamba mpaka pansi. Tiyerekeze laputopu ya mainchesi 15.6, yomwe sikirini yake ndi pafupifupi mamilimita 345 mulifupi ndi 194 mulitali. Mukachotsapo malo a mabatani a pamwamba ndi mzere wa pansi, pamatsala mamilimita 150 kapena cha pamenepo. Kuti 297 alowe mu 150, tsamba liyenera kuchepa ndi theka, ndiye chilembo cha saizi 12 chimaoneka ngati cha saizi 6, kumanzere ndi kumanja kuli malo aakulu opanda kanthu. Tizilembo mukudandaula nato tija timachokera apa.

Fit Width imatsatira mulifupi. Imakoka tsamba mpaka m'mbali mwake mukhudze m'mbali mwa windo, ndiye mamilimita 210 aja amatambasuka kupitirira 300. Zilembo zimakula bwino, koma mumangoona pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a tsamba, kwinako mpaka mutsitse. Dziwaninso kuti zonse ziwirizi si nambala yokhazikika ngati 100%. Mukachepetsa windo kapena kutsegula kagawo ka zida kam'mbali, peresenti imasintha yokha.

Ine ndimaona kuti powerenga lipoti kapena manotsi, Fit Width ndiyo yabwino, ndipo windo mulichepetseko kuti mizere isatalike n'kutopetsa maso. Fit Page ndi ya pofuna kuona m'mene tsamba lakhalira musanasindikize, kapena kufufuza pomwe pali siginecha ndi chidindo. Pa kiyibodi zili chonchi:

```
Ctrl+0   Fit Page
Ctrl+1   Actual Size
Ctrl+2   Fit Width
```

Tsopano pa zoti mumasintha koma zimabwereranso, apa m'pamene ambiri amataya mtima. Mukadina `Ctrl+K` n'kupita pa Page Display, pali kabokosi ka Zoom pomwe mungasankhe Fit Width. Koma chisankho chimenechi chimagwira pa mafayilo okhawo omwe sananene okha m'mene atsegukire. PDF imatha kunyamula lamulo lake mkati, lomwe woipanga anaika pa Initial View, monga lakuti itseguke pa Fit Page kapena pa 200%. Fayilo ikakhala ndi lamulo lotere, pulogalamu imamvera fayiloyo, osati inu. Mungazindikire mosavuta: ngati mafayilo ambiri akutseguka bwino koma ochokera kwa munthu mmodzi kapena ofesi imodzi ndi omwe akuvuta, lamulo lili m'mafayilowo.

Mankhwala ake anabisika pamalo pomwe munthu sangaganizire. Pa `Ctrl+K` pomwepo pitani pa Accessibility, pezani Override Page Display, chongani Always use Zoom Setting, musankhe Fit Width. Mukatero chisankho chanu chimaposa cha fayilo. Kenako muone pa Documents ngati Restore last view settings when reopening documents ili yochongedwa. Ikakhala yochongedwa, fayilo yomwe munaitseka mutaikulitsa idzatseguka ili yokula chomwecho, ndiye ngati simufuna zimenezo, chotsani chongacho.

Pali mafayilo ena omwe adzakuvutanibe. Ngati PDF ili ndi ndandanda ya mitu kumbali, mutu uliwonse ukhoza kukhala ndi kukula kwakekwake, moti mukaudina tsamba limalumpha kusintha saizi. Pamenepo ingodinani `Ctrl+2`. Enanso ndi mapepala ojambulidwa ndi foni kenako n'kusandutsidwa PDF. Nthawi zina tsamba lake silikhala A4 ayi, limakhala lalikulu kwambiri, ndiye pa 100% mumangoona ngodya yokha. Dinani `Ctrl+D`, muone Page Size pa Description. A4 imalembedwa 8.27 x 11.69 in, ndipo mukapeza manambala oposa awa kwambiri, musalimbane ndi Actual Size pa fayilo imeneyo, gwiritsani Fit Width basi.