Kodi kamzere kakhalepo pa email ndi cooperate?

"Ndine mlembi wa bungwe la alimi. Ndinalemba lipoti la Chingerezi lopita kwa otithandiza, koma apampando anandibwezera ati ndalakwitsa polemba email ndi cooperate popanda kamzere kolumikiza mawu. Walondola ndani?"

Simunalakwitse, ndipo nawonso apampando sakunama. Malembedwe onse awiri ndi ovomerezeka m'makalata a ntchito, kungoti wopanda kamzere ndi umene wafala masiku ano. Ine ndimalemba ngati inuyo.

Za email n'zachidule. Chilembo cha e chikuimira mawu akuti electronic, ndipo kamzere kankasonyeza kuti mawu afupikitsidwa. Anthu atazolowera, kanayamba kutayidwa. Buku lotsogolera atolankhani la Associated Press linakachotsa mu 2011, ndipo la Chicago Manual of Style linatsatira mu 2017. Komabe mawu ngati e-commerce ambiri amawalembabe ndi kamzere. M'Chichewa mulibe vutoli, timangolemba kuti imelo.

Pa cooperate, apampando ali ndi chifukwa chomveka. M'Chingerezi, ma o awiri akagundana nthawi zambiri amawerengedwa ngati liwu limodzi, monga mu food. Tsono wowerenga akhoza kuyamba ndi "ku" m'malo mwa "ko-o". Kamzere kankamuuza kuti apatule co ndi operate. Ku Britain, kumene Chingerezi cha m'sukulu zathu chinachokera, co-operate anakhalitsa kwambiri, n'chifukwa chake amene anaphunzira kale amaona ngati chinachake chasowa. Lero madikishonale a Oxford amayamba ndi cooperate, kenako n'kutchula co-operate ngati kalembedwe kena kololedwa.

Malo awiri okha ndi amene ndikukupemphani kuti musakachotse. Oyamba ndi dzina la bungwe. Dzina lonse la OECD ndi Organisation for Economic Co-operation and Development, ndipo mulilembe choncho ngakhale lipoti lanu lonse lilibe kamzere. Bungwe lanu nalonso, ngati pa chikalata cha kaundula panalembedwa Co-operative, tsatirani zomwezo. Malo achiwiri ndi mawu ofupikitsa akuti co-op. Mukachotsa kamzere mutsala ndi coop, lomwe ndi khola la nkhuku, ndipo otithandiza aja adzadabwa kuti alimi amakumana kuti.

Cholakwika chenicheni chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kusakaniza. Tsamba loyamba pali e-mail, lachitatu email, kumapeto E-mail pakati pa chiganizo. Wowerenga amadziwiratu kuti lipotilo analemba anthu angapo ndipo palibe analiunikanso. Kompyuta nthawi zambiri siikuchenjezani, poti malembedwe onsewo ndi olondola. Choncho mukamaliza, dinani Ctrl+F, mulembe co-op, muone paliponse pamene patuluka, kenako mufufuzenso coop, e-mail ndi email. Mukasankha cooperate, abale ake cooperation ndi cooperative akhalenso opanda kamzere. Ngati otithandizawo ali ndi malamulo awo a kalembedwe, tsatirani amenewo, ndipo muwaonetse apampando.