Musanalengeze kontirakiti pa LinkedIn, yambani mwafunsa mwini ntchito

"Abale, kampani yathu ndi ya anthu 7, timaika ndi kukonza magetsi a sola. Tangopeza kontirakiti ya zaka ziwiri yosamalira masola pa nyumba 12 zosungiramo katundu za kampani ina yaikulu. Ndikufuna kulengeza pa LinkedIn komanso kuthokoza anzanga amene tavutika nawo. Ndilembe bwanji kuti zisamveke ngati kudzitama?"

Achemwali, choyamba landirani mafuno abwino, inu ndi anzanuwo. Mawu oti mulembe ndikupatsani m'munsimu, koma ndiyambe ndi chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kuposa kudzitamako, chifukwa ndi chimene chingakuyambanitseni ndi kasitomala ntchito isanayambe n'komwe.

Mwati mwapeza kontirakiti. Kodi mbali zonse ziwiri zasayina, kapena mwangolandira kalata kaya foni yokuuzani kuti asankha inu? Ziwirizi n'zosiyana. Pakati pa kusankhidwa ndi kusayina pamatha kusintha zambiri: tsiku loyambira limasuntha, nyumba 12 zija zimatha kutsika kufika pa 8, ndipo nthawi zina amene munapikisana nawo amakhala asanauzidwe kuti sanapambane. Akamvera pa positi yanu, amene achite manyazi ndi munthu wa ku ofesi yogula zinthu amene anakusankhani uja. Ndiye ngati pepala lilibe siginecha ziwiri, dikirani kaye.

Ngati mwasayina, tsegulani kontirakitiyo muwerenge ndime yonena za kusunga chinsinsi ndi yonena za kulengeza. Makampani akuluakulu kawirikawiri amaikamo mawu oletsa kugwiritsa ntchito dzina lawo kapena logo yawo popanda chilolezo cholembedwa. Ngakhale ndimeyo mulibe, funsanibe. Lembani imelo yaifupi kwa munthu amene mumalumikizana naye, muikemo mawu enieni amene mukufuna kutulutsa pamodzi ndi chithunzi chake, ndipo mufunse zinthu zitatu: kodi titchule dzina lanu, kodi titage tsamba lanu, kodi titchule kuchuluka kwa malo ndi kutalika kwa nthawi. Musangofunsa kuti "tingalengeze?" chifukwa munthu amavomera mosavuta chinthu chimene wachiona ndi maso, pomwe funso lopanda mawu ake limamuchititsa mantha ndipo amangolikankhira kwa abwana ake. Yankho likabwera pa foni, apempheni alilembenso pa imelo. Munthu amene wavomera lero akhoza kuchoka pa ntchito mawa, wolowa m'malo mwake n'kudzakufunsani kuti anakulolani ndani.

Ndalama za kontirakiti musazitchule, ngakhale atakulolani. Opikisana nanu adzangogawa ndalamazo ndi nyumba 12 ndi miyezi 24, basi adziwa mtengo wanu, ndipo pa mpikisano wotsatira adzaika wotsikirapo pang'ono. Nawonso makasitomala anu akale adzayamba kuyerekeza ndi zimene iwo amalipira.

Tsopano ku malembedwe. Pa LinkedIn positi imatha kufika zilembo 3,000, koma amene akudutsa amangoona mizere iwiri kapena itatu yoyamba, kenako mawu amadulidwa ndipo pamabwera `...more` kuti munthu adine ngati akufuna kupitiriza. Pa foni gawo looneka limakhala lalifupi kwambiri. Anthu ambiri amawononga malo amenewa ndi mawu ngati "Ndife okondwa komanso odzichepetsa kulengeza kuti…" ndipo podula paja nkhani yeniyeni imakhala isanafike. Chimwemwe chanu n'choona, sindikuchinyoza, koma wowerenga sakudziwani, ndipo chimene chingamuimitse ndi kumva kuti ntchito yake ndi yotani. Mzere woyamba unene chimene chachitika, ntchito yake, ndi kukula kwake.

Apa m'pamene palinso yankho la nkhawa yanu. Positi imamveka yodzitama ikadzaza ndi mawu odziyamikira amene munthu sangawatsimikize: akatswiri otsogola, ntchito yapamwamba zedi, kampani yodalirika koposa. Mukanena kuti kwa zaka ziwiri muzisamalira masola pa nyumba 12, simunadzitame, mwangonena zimene zili pa pepala, ndipo wowerenga aona yekha kuti kwa anthu 7 imeneyo ndi ntchito yaikulu. Mukamaliza kulemba, fufutani mawu aliwonse oyamikira amene akuloza kampani yanu. Otsala akhale oloza anthu anu ndi kasitomala.

Pa kuthokoza ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene mapositi ambiri amafooka. Mawu akuti "tikuthokoza timu yathu yolimbikira" sakhudza aliyense. Mnzanu amene anakhala mpaka usiku akuwerengetsa mitengo akawawerenga sadziona m'menemo. Pa kampani ya anthu 7 muli ndi mwayi umene kampani ya anthu mazana ilibe: mukhoza kunena chimene aliyense anachita, mzere umodzi pa munthu kapena pa anthu awiri. Musanalembe, tengani pepala, mulembe mayina onse 7, ndipo pambali pa dzina lililonse mulembe chinthu chimodzi chimene chikanasowa munthuyo akanapanda kukhalapo. Mudzaona kuti amene anakayendera malo ndi amene anakalankhula pamaso pa kasitomala akubwera msanga m'mutu. Amene amaiwalika ndi wa ma akaunti amene anathamangira zikalata za msonkho, dalaivala, ndiponso amene anatsala akusamalira makasitomala akale pamene ena nonse maso anali pa ntchito yatsopanoyi. Mukatchula 5 n'kusiya awiri, ndi bwino mukanapanda kutchula aliyense, pakuti awiriwo adzaona positiyo ndipo sadzakuuzani kuti zawapweteka. Mutu umodzi susenza denga, ndipo positi yanu ionetse mitu yonse imene inasenza.

Poti sindikudziwa amene anachita chiyani kwanuko, ndayerekeza ntchito zake. Pamene ndalemba @dzina muikepo munthu weniweni, ndipo zochita zake muzisinthe zigwirizane ndi zoona:

"Tasayina kontirakiti ya zaka ziwiri yosamalira magetsi a sola pa nyumba 12 zosungiramo katundu za @kasitomala.

Ntchito yathu ikhala kuyendera malo onsewa nthawi ndi nthawi, kutsuka mapanelo, kuyeza mabatire ndi mainiveta, komanso kuthamangira msanga pakaonongeka kanthu, kuti magetsi asamazime katundu ali m'nyumba.

Kampani yathu ndi ya anthu 7, ndipo aliyense waikapo dzanja. @dzina ndi @dzina anayendera malo onse 12, kukwera padenga lililonse, n'kulemba mmene zipangizo zilili. @dzina anawerengetsa mitengo. @dzina anasonkhanitsa zikalata zonse zimene zinkafunika, palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinasowa. @dzina anatifikitsa paliponse pa nthawi yake. @dzina anatsala akusamalira makasitomala athu akale masabata onsewa. Zikomo kwambiri anzanga, ntchitoyi mwaibweretsa ndinu.

Kwa @kasitomala, zikomo potikhulupirira. Tiyamba mwezi wamawa."

Muona kuti mayina ndi 6. Wotsalayo ndinu, ndipo simufunika kudzitchula chifukwa positi ikutuluka ndi dzina lanu. Muonanso kuti ndime yachiwiri ikufotokoza ntchito m'mawu wamba. Imeneyo ndi ya munthu wina amene ali ndi masola pa nyumba zake ndipo sakudziwa kuti pali kampani imene ingamawasamalire mwezi ndi mwezi. Akawerenga adziwa chimene mumagulitsa popanda inu kulemba kuti "tiyimbireni lero". Ine sindingaike mawu otsatsa malonda pa positi yothokoza anthu, chifukwa akangolowapo, kuthokoza kuja kumaoneka ngati kunali njira yofikira ku malondawo. Onetsetsani kuti pa tsamba lanu pali njira yokupezerani, wofuna adzadina dzina lanu.

Samalani ndi lonjezo. Ndalemba kuti "kuthamangira msanga" dala, osati "mkati mwa maola 24". Chilichonse chimene mwalemba poyera kasitomala akhoza kudzakukumbutsani, choncho musalembe chimene sichili mu kontirakiti.

Kasitomala akakana kutchulidwa, positi siinafe. Mzere woyamba ungosintha n'kukhala "…pa nyumba 12 zosungiramo katundu za kampani ina yaikulu", ndipo wotsiriza ukhale "Kwa kasitomala wathu watsopano, zikomo potikhulupirira." Koma muonetsetse kuti zotsalazo sizikumuulula. Ngati m'dera lanu kampani ya nyumba zoterozo 12 ilipo imodzi yokha, nambalayo ndi dzina kale, ndiye lembani "nyumba zingapo". Anthu akafunsa m'makomenti kuti ndi kampani iti, yankhani mwaulemu kuti simungatchule, ndipo anzanu a ku ntchito muwauziretu kuti nawonso asatchule, chifukwa kawirikawiri chinsinsi chimatulukira pa komenti ya mnzanu amene wasangalala.

Za kutaga: mukalemba @ n'kuyamba dzina, pamabwera mndandanda wa anthu, ndipo muyenera kusankha munthuyo pamenepo kuti dzina lake lithe kudinidwa. Yang'anani chithunzi ndi malo ake a ntchito musanasankhe, mayina ofanana ndi ambiri. Afunseni kaye anzanuwo ngati akufuna kutagidwa. Ena safuna kuonekera pa zifukwa zawo, ndipo woteroyo mukhoza kumutchula ndi dzina loyamba lokha kapena ndi ntchito yake. Amene alibe akaunti mulembeni dzina chabe, kenako mumuonetse positiyo pa foni yanu. Anthu amene sanakhudzidwe ndi ntchitoyi musawatage pofuna kuti positi ifike patali. Mahashitagi awiri kapena atatu okhudza sola akwanira, muwaike pansi penipeni.

Chithunzi chabwino ndi cha anthu anuwo ali pa ntchito kapena ataima pamodzi, atavala zodzitetezera ngati ali padenga. Munthu wopanda lamba wachitetezo pamwamba pa nyumba adzaonedwa ndi kasitomala yemweyo amene wangokupatsani madenga ake. Mukasankha chithunzi cha pa tebulo losayinira, chikulitseni pa foni muone ngati mawu a pa pepala, siginecha kapena manambala sakuwerengeka. Chitani zimenezi musanatumize, chifukwa mawu a positi mukhoza kuwakonza pambuyo pake, koma kusintha chithunzi kumafuna kufufuta positi yonse n'kuyambanso, makomenti onse n'kupita nayo.

Mufunanso kusankha potulutsira. Ine ndingaitulutse pa tsamba lanu lenileni, chifukwa "zikomo anzanga" amamveka bwino akachokera kwa munthu, kenako tsamba la kampani liigawenso. Musanadine `Post`, tumizani mawuwo kwa anzanu 6 aja awerenge, makamaka kuti akuuzeni ngati mwapatsa wina ntchito imene anagwira mnzake. Tsiku lotulutsa musankhe limene mudzakhale ndi mpata woyankha makomenti, ndipo wina akayamikira inu nokha, poyankha mutchule mnzanu amene anagwira gawo limene akuliyamikiralo.