Ndapita padera, ndidikire kaye kusamba ndisanayambe kulera?

"Achemwali, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala cha ku Biriwiri. Ndinapita padera masiku 5 apitawo, mimba inali ya miyezi iwiri ndi theka, ndipo kuchipatala ananditsuka m'chiberekero. Apongozi anga akuti ndidikire kaye ndisambe kamodzi ndiye ndikabayitse. Sindikufuna mimba ina msanga. Ndidikiredi?"

Pepani kwambiri mayi ndi zomwe zakugwerani. Musadikire. Pitani sabata yomwe ino, masiku 7 asanakwane.

Kalata yanuyi yandiwawitsa mtima, chifukwa mawu akuti "dikira kaye usambe" ndi omwe anavulaza mng'ono wanga, ndipo iyeyo sanawamve kwa apongozi ayi, anawamva kwa munthu wovala yunifomu. Anapita padera pa 3 Juni, nthawi yokumba mbatatesi, akukhala cha ku Tsangano. Anataya magazi ambiri asanapeze njinga yamoto yomutengera kuchipatala. Anamuthandiza bwino ndithu, anamutsuka, anamupatsa mapiritsi owonjezera magazi. Koma potuluka atafunsa za kulera anamuyankha kuti chipinda cha kulera atseka kale, abwere akadzasamba. Kuchoka kwawo kufika pachipatalapo ndi ndalama, ndiye munthu wauzidwa kuti palibe changu, abwereranji?

Magazi anasiya cha pa 12 Juni. Alamu anga anali atabwera kuchokera ku geni yawo ya ku Lizulu, ndipo awiriwo anaona kuti zonse zili bwino, poti mayi sanayambe kusamba. Julaye anadutsa osaona kanthu. Iye ankati thupi likubwerera pang'onopang'ono. Mu Ogasiti atayamba nseru ndi chizungulire anaganiza kuti mwina m'mimba munatsalira zinthu. Atamuunika anapeza kuti ndi mimba yatsopano, yomwe inalowa cha pakati pa Juni pomwepo, iye asanamalize ndi komwe mapiritsi a magazi aja. Mimba imeneyo anaiyenda ndi manja oyera mbee, akupuma wefuwefu pokwera kamtunda ka kudimba, ndipo mwana anabadwa wochepa thupi. Mayi athu anasiya munda wawo chaka chimenecho kukamusamalira.

Chimene anthu ambiri sakuchidziwa n'chakuti dzira limayamba kutuluka, msambo umabwera pambuyo. Mkazi akasamba, ndiye kuti pafupifupi masabata awiri apitawo dzira linatuluka koma silinakumane ndi mbewu ya bambo. Tsono wodikira msambo woyamba amakhala waliphonya kale dzira loyamba. Mimba ikachoka isanapitirire miyezi 3, dzira likhoza kutuluka pasanathe masabata awiri, kwa ena ngakhale pa tsiku la 8 kapena la 10. Ikachoka ili yokulirapo, ndi mkati mwa masabata 4. Msambo wokha umabwera patatha masabata 4 mpaka 6. Komanso mbewu ya bambo imatha kukhala yamoyo m'thupi mwa mayi mpaka masiku 5 ikudikira dziralo. Thupi silisankha kuti mimbayo inachoka yokha kapena inachotsedwa, limachita chimodzimodzi.

Apongozi anuwo sindikuwada. Iwo akuyerekeza ndi mayi amene wabereka mwana wamoyo, yemwe kuyamwitsa mwakathithi kumamuteteza miyezi yoyambirira. Wopita padera alibe chitetezo chimenecho. Ndiponso kale kunali kudika. Anamkungwi ankati mkazi wopita padera ndi wotentha, bambo akamukhudza adwala kanyera, ndiye banja linkatalikirana miyezi. Kanyera sindimukhulupirira, koma manthawo ankapatsa mkazi mpata wopuma. Lero manthawo anatha m'mabanja ambiri, n'kutsala malangizo okhaokha akuti udikire kusamba. Ndipo kunena zoona, ndi akazi angati kuno kwathu amene angauze amuna awo kuti "mwezi wonse uno ayi" n'kumvedwa popanda mkangano?

Amene ndimawaimba mlandu ndi ife ogwira ntchito zaumoyo tikamatulutsa mayi m'wodi chimanjamanja. Kulera ndi gawo la chithandizo cha mayi wopita padera, mofanana ndi kumutsuka ndi kumupatsa mankhwala. Kumayenera kuchitikira pabedi pomwepo asanamange chitenje. Ndipo atsikana a sukulu amene abwera atayesa kuchotsa okha ndi amene amatulutsidwa msangamsanga ndi mawu onyoza, popanda wowafunsa zoti akufuna njira iti. Chithandizo cha pambuyo pa kuchoka kwa mimba n'chololedwa m'Malawi muno kwa aliyense, posatengera kuti mimbayo yachoka bwanji. Mtsikana ameneyo mukamukalipira n'kumubweza, chibwenzi chake chikadalipo, ndipo adzabweranso miyezi itatu isanathe ali woipirapo. Izi zimandikwiyitsa kwambiri, koma ndisiye kaye.

Tsono mukapita mukapeza chiyani?

Tengani buku lanu la kuchipatala mupite ku chipatala cha boma chomwe muli nacho pafupi, kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, yemwe nthawi zambiri amakhala ndi mapiritsi, makondomu ndi jakisoni. Zipatala zina za mishoni sizipereka njira zimenezi, choncho funsani musanawononge ndalama ya njinga. Mukayamba mapiritsi, jakisoni kapena kachubu ka pamkono mkati mwa masiku 7 chichokereni mimba, mwatetezedwa nthawi yomweyo. Mukapitirira pamenepo mukhoza kuyambabe, bola atsimikize kuti mulibe mimba ina, koma mugwiritse ntchito makondomu masiku 7 oyamba. Samalani ndi kachipangizo koyezera mimba ka m'sitolo: kamatha kusonyeza mizere iwiri kwa masabata angapo mimba itachoka kale, ndiye musadzidzimuke nako, auzeni anamwino tsiku lenileni lomwe munapita padera.

Posankha, dzifunseni kuti mwana wina mukumufuna liti. Bungwe la WHO limalangiza kupuma miyezi 6 mukapita padera, makamaka kuti magazi abwerere. Ngati mukufuna kupuma miyezi yochepa yokhayo, dziwani kuti jakisoni wa Depo kapena Sayana, wa miyezi 3 uja, amachedwetsa kubereka kwa miyezi ingapo mukasiya, pamene mapiritsi, kachubu ndi lupu mukangosiya mukhoza kutenga mimba mwezi womwewo. Ngati mukufuna zaka, kachubu ka Impulanoni n'ka zaka 3, ka Jadelo n'ka zaka 5, lupu amafika zaka 10 n'kupitirira. Lupu yekha ndiye ali ndi malire apa: saikidwa ngati m'chiberekero mwalowa matenda, mpaka mutachira. Amathanso kuchulukitsa magazi a kumwezi, choncho ngati munataya ambiri ngati mng'ono wanga, nenani. Kuwerenga masiku kapena mikanda kusiyeni kaye, poti palibe poyambira kuwerenga msambo usanakhazikike.

Za kugona pamodzi, dikirani magazi asiye, zomwe zimatenga sabata kapena awiri. Zikachitika musanayambe njira iliyonse, alipo mapiritsi a pangozi omwe amagwira ntchito mkati mwa masiku 5, ndipo kumwa msanga ndiye kwabwino. Koma mukamva kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'chinena, chikazi chonunkha, kapena magazi onyowetsa nsalu ziwiri pa ola kwa maola awiri otsatizana, zimenezo si za chipinda cha kulera. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.